Mbiri ya masamba anayi, koma ndapatsidwa mphindi ziwiri zokha

Nachisale: Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu, ndipo Loweruka likudzali tili ndi mwambo wotsanzikana ndi ophunzira a Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE. Aphunzitsi aakulu andipatsa ntchito yodziwitsa anthu za mlendo amene adzayankhule kwa ophunzirawo, ndipo anenetsa kuti ndisapyole mphindi ziwiri chifukwa zochitika tsikulo ndi zambiri. Mlendoyo ndi mayi wina amene anapuma pa ntchito ya unamwino ndi uzamba, ndipo atitumizira mbiri yawo ya masamba anayi m'Chingerezi. Muli chaka chobadwa, chomwe ndi 1961, sukulu zonse zimene anaphunzirako, maphunziro awo ku Kamuzu College of Nursing, ntchito imene anayamba ku Gulupu mu 1986, zaka zimene anakhala pa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu lino kuyambira 1988 mpaka 1996, kenako ku Bwaila, digiri yachiwiri imene anakatenga kunja, zaka zophunzitsa anamwino, makomiti asanu ndi awiri, misonkhano yambirimbiri, mpaka kupuma kwawo mu 2021. Nditaiwerenga mokweza inanditengera mphindi zoposa khumi. Ndithandizeni nzeru, ndichotse ziti ndipo ndisiye ziti kuti mayiwa asaone ngati ndawapeputsa?

Chisomo wa ku Zomba: Mayi Nachisale, ntchitoyi si yovuta monga mukuionera. Tengani ndime iliyonse ya mbiriyo muifupikitse kukhala chiganizo chimodzi, ndipo muzitsate monga zaka zikuyendera, kuyambira pa kubadwa mpaka pa kupuma. Munthu amayankhula mawu pafupifupi 150 pa mphindi imodzi, choncho mukalemba mawu 300 mwakwanitsa mphindi ziwirizo. Chachikulu ndi chakuti muwerenge mokweza mukuyang'ana nthawi pa foni tsikulo lisanafike.

Bambo Mbewe: Achimwene a Chisomo anena zoona pa mfundo yomalizayo, yoti muyeserere mokweza mukuyang'ana nthawi, koma pa ziwiri zoyambazo ndisiyana nawo. Ndakhala ndikuyendetsa miyambo ya sukulu, ya mpingo ndi ya maukwati kwa nthawi yaitali, ndipo chiwerengero cha mawu 150 pa mphindi ndi cha oyankhula Chingerezi. Mawu athu ndi aataliatali, moti liwu limodzi monga "anakawaphunzitsanso" limatenga nthawi imene mnzathu wa Chingerezi angatchulire mawu anayi kapena asanu. Ine ndikamayankhula modekha pa chinkuzamawu, ndikupuma pamene pakufunika kupuma, mphindi ziwiri zimandilola mawu apakati pa 160 ndi 180 basi. Mukalemba 300 mudzafika mphindi zinayi, kapena mudzathamanga mpaka makolo okhala kumbuyo osamva kanthu.

Koma vuto lalikulu ndi la kutsata zaka. Tonse tikudziwa kumene timamva mawu oyamba ndi "anabadwa m'chaka chakuti, m'mudzi mwa akuti, anayamba sukulu pakuti, anagwira ntchito pakuti." Timawamva pa maliro, pamene wachibale waimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Makutu a anthu athu anazolowera ndondomeko imeneyo, ndipo mukangoiyamba, holo yonse imazizira ngakhale mwini wake ali pompo, wavala bwino, akumwetulira. Mukaonjezera kunena kuti "anali mayi wolimbikira ntchito," ndiye kuti mwawaika m'manda ali moyo. Choncho musafupikitse mbiriyo. Iikeni pambali, ndipo mulembe chinthu china chatsopano chimene chikuyankha funso limodzi lokha limene ophunzira ndi makolo adzakhale nalo mumtima: chifukwa chiyani tiwamvere mayi awa lero, pa nkhani imeneyi? Kodi mutu umene adzayankhulepo mukuudziwa?

Nachisale: Zikomo kwambiri Bambo Mbewe, za malirozo zandigwira mtima chifukwa ndi momwemo ndinayambira kulemba. Mutu umene tinawapempha ndi wakuti ophunzira asataye mtima zotsatira za mayeso zikadzatuluka mosiyana ndi zimene akuyembekezera, komanso kuti atsikana adziwe njira yolowera ntchito za chipatala.

Bambo Mbewe: Ndiye tengani cholembera mudutse m'masamba anayiwo, ndipo pa mzere uliwonse mudzifunse ngati mzerewo ukuthandiza mwana wa Fomu 4 kukhulupirira kuti mayiwa ali ndi mphamvu yoyankhula pa mutu umenewo. Mudzapeza kuti mizere yotere siipyola isanu. Makomiti asanu ndi awiriwo atuluke onse, kapena mutchule imodzi yokha ngati ilipo imene makolo angaizindikire. Misonkhano ya kunja ituluke. Zidule za maina a mabungwe, zilembo zitatuzitatu zija zimadzaza mbiri zolembedwa, zituluke ndithu, pakuti diso limazidumpha pa pepala koma khutu limakodwa nazo.

Zaka musazitchule ngati manambala a pa kalendala, muziwerengere nokha kunyumba n'kuuza anthu yankho. Mukanena kuti anayamba ntchito mu 1986 ndipo anapuma mu 2021, mwapatsa omvera samu yoti achite, ndipo pamene akuchotsera, inu mwapita kale pa chiganizo china. Nenani kuti agwira ntchito ya unamwino kwa zaka 35, basi. Chaka chobadwa musachitchule n'komwe.

Tsono pa zonse mwalembazo, chimene chandikopa ine ndi zaka za 1988 mpaka 1996 pa chipatala cha kwanuko. M'mbiri yawo mwina ndi mzere umodzi wokha, chifukwa kwa iwo ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi ku Bwaila kapena digiri ya kunja, koma kwa anthu adzakhale m'holo yanuwo ndi mzere waukulu kuposa yonse. Amene anabadwa zaka zimenezo pano ndi anthu a zaka za m'ma 30, ndipo ena mwa iwo ndi aphunzitsi anzanu, ena ndi makolo kapena azakhali a ophunzira anu. Pamenepo ndi pamene pali kutentha kumene mukufuna. Digiri imapatsa mlendo ulemu, koma chimene chimachititsa anthu kumumwetulira asanatsegule pakamwa ndi kudziwa kuti ndi wawo.

Mavuto K.: Ine ndikuona kuti chofunika ndi kuwathokoza chifukwa chosiya ntchito zawo n'kubwera, kubwereza mfundo zikuluzikulu zimene anena, kenako kuitana mtsogoleri wa ophunzira kuti apereke mphatso. Chaka chatha pa sukulu yathu tinapereka chitenje ndi nkhuku, ndipo mlendo anakondwera kwambiri.

Chisomo wa ku Zomba: A Mavuto, amenewo ndi mawu othokoza, amene amabwera mlendo atamaliza kuyankhula. Mayi Nachisale akufunsa za mawu oyamba, mlendo asanaimirire.

Mavuto K.: Pepani, ndinawerenga mofulumira. Komabe ndifunse, kodi ndi bwino kuti munthu mmodzi yemweyo achite zonse ziwiri?

Bambo Mbewe: Zimatheka, koma ndi bwino kugawana, chifukwa wothokoza amayenera kumvetsera mwatcheru n'kumalemba pamene mlendo akuyankhula, pomwe wodziwitsa ntchito yake yatha kale.

Nangozo: Ine ndine wamkulu wa amayi ku mpingo kwathu ndipo ndaona miyambo yambiri. Zimene Bambo Mbewe akunena ndi zanzeru, koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba, pa mwambo wa sukulu pamakhala a mfumu, a komiti ya makolo, abusa, mwinanso woimira ofesi ya maphunziro, ndipo mwana wolera bwino sangaimirire n'kuyamba nkhani osawalonjera mmodzimmodzi. Mphindi ziwirizo kodi zikuphatikiza malonje amenewo? Yachiwiri, kwathu kuno munthu sadziwika ndi mapepala okha. Anthu amafuna kumva kuti ndi wa kwa yani, mfumu yake ndani, ali pa banja kapena ayi, ana ali nawo angati. Mukasiya zimenezo amayi a m'mudzi adzanena kuti simunawauze kuti mlendoyo ndani.

Bambo Mbewe: Mayi Nangozo, pa malonje ndikuti zimatengera amene wayankhula kale. Mayi Nachisale sadzakhala woyamba kugwira chinkuzamawu. Woyendetsa mwambo adzakhala atatchula kale olemekezeka onse, aphunzitsi aakulu adzawatchulanso m'mawu awo olandira alendo, ndipo kuwatchula kachitatu kumatha pafupifupi mphindi yathunthu mwa ziwirizo. Ine ndimalonjera wamkulu wa pa malopo ndi a mfumu, kenako ndimati "olemekezeka nonse malinga ndi maudindo anu," n'kulowa m'nkhani. Pa za mudzi ndi mfumu ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndi mawu ochepa ndipo amagwira ntchito yaikulu. Pa za banja ndi ana ndimachita mantha. Mbiri yolembedwa imatha kukhala ya zaka zingapo zapitazo, ndipo pakatipa mwina bambo a kunyumba anatisiya, mwina ukwati unatha, mwina mwa ana anayi olembedwawo mmodzi kulibe. Zoterezi sizinenedwa pagulu popanda kufunsa mwini wake.

Nangozo: Za kufunsa mwini wake ndavomera. Za malonje sindinakhutire, chifukwa a mfumu ena amasunga mumtima akaona kuti mnzawo watchulidwa dzina koma iwo aikidwa m'gulu la "nonse." Pakakhala mafumu atatu, muwatchule atatu onsewo motsata ukulu wawo, ndipo nthawiyo aphunzitsi aakulu asaiwerengere.

Che Jafali: Ndiikepo za kuno ku Mangochi, ngakhale kuti mwina kwa Mayi Nachisale sizikhudza. Pa misonkhano yathu nthawi zambiri pamakhala womasulira m'Chiyao, ndipo mphindi ziwiri zimasanduka zinayi chifukwa chiganizo chilichonse chimanenedwa kawiri. Ndinaonapo mnyamata wina atalemba mawu okoma kwambiri, koma ziganizo zake zinali zazitali moti womasulira amaiwala poyambira, ndipo dzina la mlendo, limene mnyamatayo analisunga kuti adzalitchule pomaliza anthu aombe m'manja, womasulira analitchula pakati chifukwa anali akulidziwa kale. Ngati pali womasulira, mpatseni pepala lanu usiku wake ndipo mudule mawu anu pakati. Kodi ku Ntcheu kwanuko mudzayankhula Chichewa chokha, kapena mudzasakaniza ndi Chingerezi chifukwa ndi pa sukulu?

Nachisale: Che Jafali, tidzayankhula Chichewa chokha chifukwa cha makolo. Koma ndapeza chinthu china pa tsamba lachitatu chimene ndinachidumpha poyamba. Mayiwa analemba kuti anabwereza Sitandade 8 kawiri asanasankhidwe kupita ku sekondale. Ndikuona ngati chimenechi chikugwirizana kwambiri ndi mutu wa tsikulo, ndipo ndikufuna ndiyambire pamenepo. Ndaganizanso zonena kuti manja awo alandira ana zikwizikwi.

Bambo Mbewe: Mwapeza mfundo yabwino kwambiri m'mbiri yonseyo, ndipo chifukwa chake chomwecho musaigwiritse ntchito musanawaimbire foni. Munthu amene waitanidwa kudzalimbikitsa ana pa nkhani ya mayeso, ndipo iye mwini anabwereza Sitandade 8 kawiri, n'zachidziwikire kuti nkhani yake yonse waimanga pamenepo. Mukainena inu, mwamudyera ndiwo n'kumusiyira nsima yokha. Adzaimirira n'kuyamba ndi mawu akuti "monga anenera kale aphunzitsi," ndipo mphamvu yonse ya nkhaniyo yapita. Palinso mbali ina, yakuti kubwereza kalasi munthu amanena yekha monyadira, koma akamunenera wina pagulu zimatha kumveka ngati kumuyalutsa.

Mukawaimbira, mufunse zinthu zinayi ndipo simudzatha mphindi zisanu. Afuna atchulidwe motani, Mayi, Sisitala kapena ndi dzina la kumtundu, ndipo dzina lawo limatchulidwa bwanji ndendende. Nkhani yawo aimanga pa chiyani, kuti inu musafikepo. Kodi m'mbirimo muli chimene chasintha kapena chimene sakufuna chinenedwe. Pomaliza muwapemphe akuuzeni kanthu kamodzi kamene amakumbukira pa zaka zimene anakhala pa chipatala cha kwanuko, kamene sadzakanena m'mawu awo.

Za ana zikwizikwi, ngati chiwerengerocho sichili m'mbiri ndipo iwo sanakuuzeni, musachipange. Anamwino ndi anthu a kaundula, ndipo ndinaonapo mlendo wina akuyamba mawu ake ndi kukonza zimene womudziwitsa anakokomeza. Palinso kanthu kena kakang'ono. Kamuzu College of Nursing inaphatikizidwa ndi College of Medicine mu 2021 n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ana anu a Fomu 4 amene akufuna unamwino dzina limene akulidziwa ndi latsopanoli. Tchulani dzina limene mayiwa anaphunzira nalo, pakuti ndi limene lili pa satifiketi yawo, kenako muonjezere mawu ochepa osonyeza kuti lero ndi mbali ya yunivesite imeneyo.

Chisomo wa ku Zomba: Ine pa nkhani yosunga dzina mpaka pomaliza sindikuona phindu lake. Dzina lili kale pa pepala la ndondomeko, mayiwo akhala kutsogolo anthu akuwaona, ndiye tikubisa chiyani? Ndi bwino kulitchula poyamba kuti anthu adziwe amene tikukamba.

Bambo Mbewe: Sikubisa ayi, achimwene. Dzina likabwera pomaliza limakhala chizindikiro kwa anthu kuti aombe m'manja ndi kwa mlendo kuti aimirire. Mukalitchula pakati mokweza mawu, mlendo amadzuka pa mpando, anthu amayamba nthungululu, inu mukadali ndi ziganizo zitatu, ndipo mlendo amaima chilili osadziwa ngati akhalenso pansi. Ngati mukufuna kulitchula poyamba, litchuleni mwa mawu wamba, n'kudzalibwereza mwamphamvu pomaliza.

Nachisale: Ndawaimbira madzulo ano. Bambo Mbewe munalondola, za Sitandade 8 ndi pamene pagona nkhani yawo yonse, ndipo anaseka n'kundipempha kuti ndisawaululire. Afuna atchulidwe kuti Mayi basi. Za banja anati ndingonena kuti ndi agogo a zidzukulu, zina ndisiye. Anandiuzanso kuti pa nthawi imene anali pa chipatala chathu panalibe magetsi, ndipo usiku amagwira ntchito ndi nyali ya galasi imene mlonda amawagwirira. Nazi zimene ndalemba, dzina lawo ndi la mudzi ndabisa:

"Aphunzitsi aakulu, a mfumu, olemekezeka nonse malinga ndi maudindo anu, makolo, ndi inu eni mwambowu, ophunzira a Fomu 4.

Ndiyambe ndi funso kwa akuluakulu. Alipo pano amene anabadwira pa chipatala chathu chapafupichi pakati pa 1988 ndi 1996? Ngati mulipo, n'kutheka kuti munthu woyamba kukunyamulani pa dziko lino wakhala kutsogolo kuno. Masiku amenewo pa chipatalapo panalibe magetsi, ndipo mayi amenewa amalandira ana usiku ndi kuwala kwa nyali imene mlonda amawagwirira.

Mlendo wathu ndi mwana wa boma lino la Ntcheu, wa m'mudzi mwa a Uje. Unamwino ndi uzamba anauphunzira ku Kamuzu College of Nursing, imene lero ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Atumikira odwala kwa zaka 35, ku Gulupu, kuno kwathu, ndi ku Bwaila, ndipo ambiri mwa anamwino amene akugwira ntchito lero anadutsa m'kalasi mwawo. Kunyumba ndi agogo a zidzukulu.

Ophunzira, njira imene mayiwa anayenda kuti afike pamenepa sinali yowongoka, koma imeneyo akuuzani okha. Inu amene mukuopa zotsatira za mayeso, ndi inu amene mukulota ntchito ya chipatala, tcherani khutu.

Tiyeni tiwalandire ndi m'manja Mayi Uje."

Ndikawerenga modekha zikunditengera mphindi imodzi ndi masekondi 50. Digiri yachiwiri ija ndaisiya, ndipo sindikudziwa ngati ndachita bwino.

Bambo Mbewe: Mwagwira ntchito, Mayi Nachisale, makamaka pa chiganizo chonena kuti njira yawo akuuzani okha, chifukwa mwatsegula khomo la nkhani yawo osalowamo. Ndikonze zitatu. Choyamba, mwafunsa funso, ndipo funso limadya nthawi. Anthu adzakweza manja, ena adzaseka, ena adzalozana, ndipo masekondi khumi amene mwatsala nawo adzathera pomwepo, mwinanso osakwana. Musalichotse, koma mukonzekere kuima n'kuwasiya aseke, ndipo mufufuze kwa aphunzitsi anzanu kuti mukhale ndi munthu mmodzi amene mukudziwa kuti adzakweza dzanja, chifukwa funso lotere likagwa pa chete limachititsa manyazi. Pano zaka za pa kalendala mwazigwiritsa bwino, pakuti aliyense amadziwa chaka chake chobadwa ndipo palibe samu yoti achite.

Chachiwiri, mawu akuti "ambiri mwa anamwino amene akugwira ntchito lero" akunena zoposa zimene mukudziwa. Nenani kuti "aphunzitsanso anamwino ambiri amene akugwira ntchito lero," tanthauzo likhala loona ndipo ulemu suchepa. Chachitatu, "ku Gulupu" makolo adzamva, koma onetsetsani kuti ana a ku Ntcheu amene sanafikeko ku Blantyre akudziwa kuti ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Mukhoza kunena kuti "ku chipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre."

Ndime yoyamba ndi chiganizo chomaliza muziloweze pamtima kuti muzinene mukuyang'ana anthu, ndipo potchula dzina mutembenukire kwa mayiwo. Zapakatizo mukhoza kuwerenga, koma mulembe ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala limodzi lolimba, osati pa foni imene imazima pakati pa chiganizo. Mukatha musathawire ku mpando. Dikirani afike, muwapatse chinkuzamawu ndi manja awiri, kenako muchoke.

Chisomo wa ku Zomba: Za digiri ine ndikuti ibwerere. Pa mwambo wa sukulu, pamaso pa atsikana amene tikufuna apite patali ndi maphunziro, kusiya digiri yachiwiri ndi kutaya mfundo imene ikugwirizana ndi tsikulo. Ndi mawu asanu ndi atatu okha: "Pambuyo pake anakatenganso digiri yachiwiri kunja kwa dziko."

Bambo Mbewe: Pamenepo mwandigonjetsa, achimwene. Ibwerere, ndipo kuti nthawi ikwane, chiganizo cha zidzukulu chikhoza kutuluka.

Nangozo: Cha zidzukulu chisatuluke ayi, ndi chokhacho chimene chikuuza amayi a m'mudzi kuti mlendoyo ndi mayi mnzawo, ndiponso mwini wake ndiye anachisankha. Ngati pali chochotsa, chotsani dzina lalitali la yunivesite lija. Ndipo Mayi Nachisale, mafumu adzakhalepo ndi angati?

Nachisale: Aphunzitsi aakulu akuti aitana awiri, a gulupu ndi a nyakwawa a mudzi umene sukulu ilimo. Ndiwatchula onse awiri, kuyambira a gulupu. Za yunivesite ndikufuna zikhale chifukwa cha atsikana amene adzafune kulembera malo kumeneko, choncho mawa ndiyesanso nthawi nditaika digiri ndi zidzukulu zomwe, ndipo zikapyola ndikawapempha aphunzitsi aakulu kuti malonje asawerengedwe m'mphindi ziwirizo.